Kasitomala akati "ndatumiza kale", koma ndalama sizikuoneka

Mayi wosoka mayunifomu ku Limbe wapereka madiresi ku sukulu ina yomwe si yaboma, ndipo invoisi yake ndi ya K480,000. Patapita sabata ziwiri akuimba foni, akauntanti wa sukuluyo n'kumuyankha kuti, "Mayi, zanu tinatumiza kale Lachisanu." Mu akaunti mulibe kanthu. Apa ambiri amapsa mtima, ena amangokhala chete poopa kutaya kasitomala. Zonsezi sizibweretsa ndalama.

Choyamba, mayiyu aone sitetimenti yakeyake, asadalire mauthenga a pafoni okha, chifukwa uthenga umatha kusafika pomwe ndalama zinalowa. Ayang'ane kuyambira Lachisanulo mpaka lero, ndipo asangofufuza dzina la sukulu. Mwina analipira ndi mwini sukulu kuchokera mu akaunti yakeyake. Mwinanso ndalama zinafika zoperewera chifukwa sukulu inadulapo msonkho wa MRA, ndiye K480,000 yeniyeniyo singaoneke. Zikatero apemphe satifiketi ya msonkhowo.

Akatsimikiza kuti sizinafike, alembe uthenga waulemu, wosaloza munthu chala: "Bambo, zikomo pondidziwitsa. Ndayang'ana sitetimenti yanga mpaka lero m'mawa, ndalamazo sizikuoneka. Chonde munditumizireko umboni wa malipirowo, woonetsa tsiku, kuchuluka kwa ndalama, akaunti yomwe zinachokera, nambala yomwe munatumizako ndiponso nambala ya malipiro, kuti ndikafunse ku banki."

Nambala yomalizayi, ija imalembedwa kuti Transaction ID kapena Reference, ndi imene a ku banki, a Airtel Money kapena a Mpamba amatsata nayo ndalama. Popanda iyo angokuuzani kuti mudikire.

Koma chithunzi cha pafoni pachokha si umboni wokwanira. Chimangosonyeza kuti munthu analamula kuti ndalama zipite, osati kuti zinafika, ndiponso akamberembere amachikonza mosavuta. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chofunika koposa ndi sitetimenti ya wolipirayo, kuyambira tsiku lolipira kudzanso masiku angapo otsatira. Pamenepo m'pomwe zimaululika. Ngati K480,000 inatuluka Lachisanu n'kubwereramo Lolemba, ndiye kuti malipiro anakanika, sukulu ingolipiranso. Ngati inatuluka osabwerera, mayiyu afananize nambala ya akaunti imodziimodzi ndi yake. Nambala imodzi ikaphonyeka, ndalama zimatha kugwera munthu wina, ndipo woyenera kukadandaula ku banki mwamsanga ndi amene anatumiza, osati wodikira. Zonse zikakhala zolondola, makamaka ngati mabanki ndi osiyana ndipo anatumiza Lachisanu madzulo, atenge umboniwo apite nawo ku banki yake.

Kasitomala ena amazengereza kuonetsa sitetimenti, ndipo m'pomveka, muli zinsinsi zawo. Auzeni aphimbe mizere ina yonse ndi ndalama zotsala, asiye dzina, masiku ndi mizere yokhudza malipiro anuwo. PIN yawo musaifunse n'komwe. Ndipo ngati pali katundu wina woti apite, ayambe wadikira kufikira ndalama zitaoneka mu sitetimenti yanu.