Kodi Nkhawa Ingakwere pa Sikelo?

Tsiku la sikelo, mayi akanena kuti mwana wake akuoneka wofooka, mlangizi wa zaumoyo sachita naye makani. Amangotenga kalamba ka mitundu itatu n'kukazunguliza pamkono wa mwanayo, pakati pa phewa ndi chigongono. Ngati mwana wa miyezi 6 kufikira zaka 5 ali ndi mkono wosafika masentimita 11.5, kalambako kamaloza pofiira, ndipo amalembedwa kuti wanyentchera kwambiri. Mlangizi wa ku Nsanje ndi mnzake wa ku Chitipa, ngakhale sanaonanepo, adzalemba chimodzimodzi. Mawu oti kunyentchera, amene aliyense amawamva m'njira yake, asanduka zochita zitatu: zunguliza, werenga, lemba.

Akatswiri a kafukufuku amatcha zimenezi tanthauzo lopimira, ndiko kunena chinthu potchula ndendende mmene chipimidwire. Amene anatchukitsa ganizoli ndi Percy Bridgman, katswiri wa fizikisi wa ku Harvard, m'buku lake la mu 1927. Iye ankati mawu monga kutalika alibe tanthauzo lina loposa njira imene munthu watsata poyeza. Akatswiri a za maganizo a munthu analilandira ndi manja awiri, poti zinthu zimene iwo amafufuza sizigwirika. Mkono wa mwana umaoneka, nanga kupanikizika kuli pati kuti munthu akuzungulize kalamba?

Ngakhale dzina lake ndi lovuta. Achinyamata a m'tauni amangoti sitiresi. Akuluakulu amati nkhawa, kapena kuti uje akudwala maganizo, mtima wake suli m'malo, zamuchulukira. Mawu onsewa amasakaniza zinthu zitatu zosiyana: zimene zamugwera munthu, mmene iye akuzimvera mumtima, ndi zimene thupi lake likuchita. Wofufuza sangapime zonse ndi chida chimodzi. Ayenera kusankha, ndipo chimene wasankha ndicho chimalamula zimene adzapeze.

Madokotala awiri a matenda a maganizo a ku Seattle, ku Amereka, Thomas Holmes ndi Richard Rahe, anasankha choyamba. Mu 1967 anatulutsa mndandanda wa zochitika 43 zimene zimasintha moyo wa munthu. Anapempha anthu pafupifupi 400 kuti ayerekeze chilichonse ndi kulowa m'banja, n'kunena ngati chimafuna kuzolowera kwakukulu kapena kochepa kuposa ukwati. Pa mayankhowo panatuluka mapointi. Imfa ya mwamuna kapena mkazi inapata 100, kutha kwa banja 73, kumangidwa 63, ukwati 50, ndipo pansi penipeni panali kuphwanya timalamulo ting'onoting'ono ndi 11. Ukwati ndi Khirisimasi zinalowa nawo chifukwa kwa awiriwa chopimidwa chinali kusintha, kaya kokoma kaya kowawa.

Tiyerekeze bambo wina amene chaka chathachi sichinamuyendere. Anachotsedwa ntchito, mapointi 47. Kunyumba kuli pathupi, ndipo iye wachonga mzere umenewo, 40. Lendi itavuta anasamukira nyumba ina, 20. Apongozi anayamba kuyankhulayankhula, 29. Khirisimasi inafika monga mwa nthawi zonse, 12. Zonse pamodzi ndi 148. Malinga ndi malire amene amagwiritsidwa ntchito pa mndandandawu, wosafika 150 chiopsezo chake chodwala ndi chochepa, ndipo wofika 300 ali pangozi yaikulu. Bamboyu, tsono, ali bwino. Koma akakumbukira kuti apolisi a pamsewu anamulipiritsa chindapusa chifukwa cha nyali yothima, mapointi afika 159 ndipo wadumphira m'gulu lina. Munthu ndi yemweyo, chaka ndi chomwecho.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu: wina aliyense akhoza kuwonkhetsa n'kupeza nambala yofanana. Koma ming'alu yake inaonekeranso msanga. Mayi amene wathawa mwamuna womumenya ndi mayi amene wasiyidwa mosayembekezera onse amapatsidwa 73, chikhalirecho woyambayo mwina wayamba kugona tulo. Choipa kwambiri n'chakuti pa mndandandawo pali kudwala kapena kuvulala, kwa mapointi 53, komanso kusintha kwa kagonedwe ndi kadyedwe. Wofufuza akapeza kuti a mapointi ambiri ndiwo amadwaladwala, mbali ina wangopima matenda kawiri, koyamba monga choyambitsa, kachiwiri monga chotsatira. Njira yozindikirira vuto lotere ndi yapafupi: kuwerenga mafunso limodzilimodzi n'kuona ngati lina likufunsa kale chinthu chimene kafukufukuyo akufuna kulosera. Ndipo mlimi wa ku Chikwawa angaufufuze mndandandawo kuyambira pamwamba mpaka pansi osapezapo chilala, madzi osefukira kapena mtengo wa feteleza.

Sheldon Cohen ndi anzake mu 1983 anasankha chachiwiri, cha mumtima. Iwo anasiya kuwerenga zochitika n'kuyamba kufunsa munthu mmene mwezi wathawu waumvera. Mtundu wa mafunso awo umene unafala kwambiri uli ndi mafunso 10, okhudza kangati munthu waona kuti zinthu zamupitirira, kuti sangathe kuzilamulira, kapena kuti mavuto aunjikana. Yankho lililonse limapata pakati pa 0 ndi 4, ndiye zonse zimathera pa 40. Mafunso anayi anawalemba mozondoka, ofunsa za kudzidalira ndi kuyenda bwino kwa zinthu, ndipo mapointi ake amatembenuzidwa powonkhetsa. Woiwala kutembenuza amapeza nambala yooneka bwinobwino koma yopanda mutu. Apa mayi wothawa nkhanza uja akhoza kupata mapointi ochepa, monga ziyenera kukhalira. Vuto lake n'lakuti zonse zatsamira pa zimene munthu wavomera kunena, ndipo alipo abambo ambiri amene angayankhe kuti zonse zili bwino nyumba ikupsa.

Otsala anathamangira ku thupi, poganiza kuti thupi silinama. Munthu akapanikizika, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa mchere wa m'thupi wotchedwa kotizo, umene umapezeka ngakhale m'malovu. Ku Trier, ku Jeremani, mu 1993 anakonza njira yopanikizira munthu dala: amuimika pamaso pa oweruza a nkhope zosamwetulira kuti ayankhule mphindi zisanu ngati wofunsira ntchito, kenako achotsere 13 pa 1,022 mobwerezabwereza mokweza mawu, ndipo akalakwa ayambirenso. Kotizo amakweradi. Koma amakweranso yekha m'mawa uliwonse, n'kufika pachimake patapita pafupifupi theka la ola munthu atadzuka, kenako n'kumatsika mpaka usiku. Wotenga malovu a alonda m'mamawa ndi a aphunzitsi madzulo wapima nthawi ya tsiku. Chodabwitsa china n'chakuti nambala ya m'malovu ndi nambala ya pa mafunso nthawi zambiri zimagwirizana pang'ono chabe. Zonse zimatchedwa sitiresi m'mitu ya nkhani, koma si chinthu chimodzi.

Kafukufuku amene anaonetsa bwino ntchito ya matanthauzo oterewa anachitikira ku Salisbury, ku Mangalande, pamalo ofufuzira chimfine, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1991. Funso linali lakalekale, lija agogo amaliyankha mosakayika: kodi maganizo amadwalitsa? Cohen ndi anzake David Tyrrell ndi Andrew Smith anayamba ndi kupima kupanikizika kwa anthu athanzi, ndipo sanadalire muyeso umodzi. Anaphatikiza zochitika za m'chaka, mafunso a mumtima aja, ndi kuchuluka kwa chisoni, mantha ndi mkwiyo. Zitatero, anthu 394 anawadonthezera m'mphuno tizilombo ta chimfine, wina mtundu uwu wina uwo mwa mitundu isanu, ndipo 26 anawadonthezera madzi a mchere chabe. Onse anawatsekera m'nyumba masiku angapo kuti asatengere chimfine kwina.

Kenako anafunika kutanthauzira chimfine chenichenicho, ndipo anachigawa pawiri. Kulowedwa ndi kachilombo kunatanthauza kuti kapezeka m'mamina kapena chitetezo cholimbana nako chakwera m'magazi. Kudwala kunatanthauza kuti kachilombo kapezeka ndiponso dokotala, amene sankadziwa mapointi a munthuyo, waona zizindikiro. Ngakhale timapepala tominira tinkasonkhanitsidwa, kuwerengedwa ndi kuikidwa pa sikelo. Ntchito yosasiririka, koma mamina sadziwa kudandaula kapena kudzilimbitsa.

Mwa anthu opanikizika pang'ono, 27 pa 100 aliwonse anadwala. Mwa opanikizika kwambiri, anadwala 47 pa 100. Kulowedwa ndi kachilombo nakonso kunakwera kuchoka pa 74 kufika pa 90 pa 100. Mphamvu ya zotsatirazi ili m'dongosolo lake: kupanikizika kunapimidwa kachilombo kasanalowe, kotero palibe anganene kuti chimfine ndicho chinadandaulitsa anthuwo. Komabe malire alipo. Palibe amene anagawira anthuwo mavuto mwa maere. Anabwera nawo okha kuchokera kwawo, ndipo ngakhale ofufuzawo anaunika kusuta, mowa, kadyedwe ndi tulo, chimene anaonetsa ndi cha chimfine mwa akuluakulu athanzi odzipereka okha. Za khansa kapena za sitiroko kafukufukuyu sananenepo kanthu.

Tanthauzo lopimira likawoloka nyanja limafunika kuliyesanso. Ku Harare, m'zaka za m'ma 1990, Vikram Patel ndi anzake sanayambe ndi kumasulira mafunso a kunja. Anayamba ndi kumvetsera mawu amene odwala, anamwino ndi asing'anga amagwiritsa ntchito, ndipo mawu amene ankamveka kawirikawiri anali kufungisisa, amene m'Chishona ndi kuganiza mopitirira muyeso, zija kuno timati maganizo amuchuluka. Pa mawu oterowo anapanga mafunso 14 oyankha inde kapena ayi, onena za sabata yathayi, n'kuwayesa poyerekeza ndi zimene akatswiri apeza pa odwala omwewo. Mafunsowa amapima kuvutika mumtima kofika pa matenda, osati kupanikizika wamba, koma phunziro la kapangidwe kake ndi lomwelo.

Ngakhale pamenepo panatsala chosankha china, cha pomwe mzere udulidwe. Poyamba malire anali pa mayankho 8 a inde. Pamene Dixon Chibanda ndi anzake ankayesa uphungu wa pabenchi woperekedwa ndi agogo aakazi m'zipatala za ku Harare, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, analowetsa okhawo ofika pa 9. Mzere ukatsika, ogwidwa amachuluka, kuphatikizapo ena amene sakudwala, ndipo ukakwera, ena odwaladi amatsala kunja. Mayi amene anayankha inde kasanu ndi katatu akanawerengedwa wodwala pa muyeso woyamba, pomwe pa wachiwiri dzina lake silikanalowa m'kaundula wa kafukufukuyo.