Kalata yopempha kuphunzira ntchito yosamala nyumba zakale: onetsani zimene munayeza

Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, kapena bungwe lililonse losamala malo a mbiri, ikalengeza kuti ikufuna achinyamata oti aphunzire ntchito, makalata ambiri amene amabwera amayamba mofanana. Wolemba amati amakonda chikhalidwe cha dziko lake kuyambira ali mwana, ndi wolimbikira, ndipo amagwira bwino ntchito ndi anzake. Mwina zonsezo n'zoona. Koma wowerenga kalatayo ali ndi funso lina mumtima: kodi mwanayu ndikam'patsa tepi, kamera ndi kope n'kumutumiza ku nyumba yazaka 100, adzabwera ndi zolemba zoti ndingazikhulupirire?

Funsoli lili ndi chifukwa. Pantchito imeneyi palibe amene amaloledwa kuyamba kukonza asanalembe mmene chinthu chilili. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire zomangamanga kusukulu. Nyumba ya Mandala ndi ya 1882. Nyumba zotere munthu sangazidziwe atakhala muofesi, ayenera kupita kukayeza khoma lililonse. N'chifukwa chake kalata yabwino imayenda limodzi ndi fayilo ya ntchito zimene wofunsirayo anayezapo kale, ndipo ntchito ya kalatayo ndi kutsogolera wowerenga ku masamba oyenera a fayiloyo.

Tiyerekeze mtsikana amene wangomaliza digiri ya zomangamanga, ndipo ali m'chaka chomaliza anayeza kalasi yakale yanjerwa pamishoni ina kwawo. Kalata yake adzailemba m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha maofesi athu, koma ndime yake yapakati ikhoza kunena zotere: "Ndinayeza kalasi yanjerwa zootcha ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, n'kujambula pulani yake ndi makoma onse anayi pa sikelo ya 1:50. Pulaniyo ili patsamba 3. Patsamba 5 ndasonyeza mng'alu wa mamilimita 4 pamwamba pa zenera la kum'mawa, ndi chinyontho chimene chakwera khoma la kumwera mpaka masentimita 70. Tepi anandigwirira ndi anzanga awiri, koma kujambula ndi kulemba lipoti ndinachita ndekha."

Ndime yaifupi chonchi yauza wowerenga zambiri. Sikelo ya 1:50 ikutanthauza kuti mita imodzi ya khoma ndi masentimita 2 papepala, choncho khoma la mamita 8 liyenera kukhala masentimita 16, ndipo katswiri angathe kuika lula papepalapo n'kutsimikiza pomwepo. Akatsegula tsamba 3, chinthu china chimene adzafune kuona ndi muyeso wopingasa, wochokera pangodya ina kukafika pangodya yoyang'anizana nayo. Chipinda cha mamita 8 ndi 6 chikakhala ndi ngodya zolunjika bwino, muyeso umenewo umakhala mamita 10. Mtsikanayu akapeza mamita 10.15 mbali ina ndi 9.85 mbali inayo, ndiye kuti chipindacho n'chopendekeka, ndipo ayenera kuchijambula chopendekeka chomwecho. Ophunzira ambiri amawongola ngodya pakompyuta kuti pulani ioneke yokongola, potero amafufuta umboni weniweni wa mmene nyumbayo inamangidwira kapena mmene yasunthira. Amene wayezapo nyumba zakale akaona pulani yowongoka bwinobwino yopanda miyeso yopingasa, amayamba kukayikira fayilo yonse.

Chiganizo chonena za anzake awiri chija musachione chaching'ono. Ntchito zambiri za kusukulu zimachitika m'magulu, ndipo zimatheka anthu awiri a gulu limodzi kutumiza pulani yomweyo ku ofesi yomweyo. Amene wanena gawo lake moona sadzachita chibwibwi pomufunsa pamaso.

Pa zithunzi napo pamafunika dongosolo. Chithunzi chilichonse chikhale ndi nambala, tsiku limene chinajambulidwa, ndi ndodo yoyezera yoimikidwa pakhoma kuti woona adziwe kukula kwa chinthucho. Papulani pakhale muvi wosonyeza kumpoto komanso timivi tosonyeza pamene wojambula anaima. Tsiku n'lofunika chifukwa mng'alu umene unali mamilimita 4 mu Okutobala ukhoza kusintha pofika Febuluwale, nthaka itamwa madzi. Muyeso wa tsiku limodzi sunena ngati khoma likusunthabe kapena linaima kalekale, ndipo wofunsira wanzeru amalemba zimenezo m'lipoti lake poyera.

Apa ndi pamene ndimaona kuti kalata imapambana kapena kugwa: mmene wolemba amalankhulira za kukonza. Wachinyamata wofuna kuoneka wodziwa amalemba kuti khomalo lipakidwe pulasitala wa simenti ndi penti kuti lilimbe. Kwa wosamala nyumba zakale, chiganizo chimenecho n'chokwanira kuika kalata pambali. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi dothi kapena laimu pakati pa njerwa, zinthu zofewa zimene zimalola chinyontho kutuluka. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakalezo ndipo imatsekera madzi mkati, choncho madzi ndi mchere zimatulukira m'njerwa momwemo. Chizindikiro chake sichivuta kuona: nkhope ya njerwa imafumbutuka n'kulowa mkati, mizere ya simenti n'kutsala itatukuka. Mtsikana wathu uja angachite bwino kulemba kuti anaona dothi litaunjikana m'munsi mwa khoma la kumwera ndiponso madzi a padenga akugwera pamaziko, ndipo akuganiza kuti chinyontho chikuchokera pamenepo, koma akufuna kuphunzira mmene akatswiri amatsimikizira zimenezo asanakhudze khoma. Wasonyeza kuti ali ndi maso, wasonyezanso kuti akudziwa pamene nzeru zake zalekezera.

Amene fayilo yake ili ndi zojambula za pamiyala asamale koposa. Dera la Chongoni ku Dedza, limene bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, lili ndi malo 127 a zojambula zotere: zofiira zimene zimatchulidwa kuti n'za Abatwa kapena Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Chithunzi chosonyeza kuti munawaza madzi pamwala kuti utoto uwale, kapena kuti munaukhudza ndi dzanja, ndi umboni wokutsutsani nokha. M'kalata nenani kuti munapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo ndi kwa amfumu, ndipo manambala osonyeza pamene pali phanga losatetezedwa musawaike m'fayilo yoti izizungulira pa lamya za anthu.

Zotsalazo n'zachidule. Kalata isapitirire tsamba limodzi. Ndime yoyamba itchule mwayi umene mukufunsira, zimene munaphunzira ndi miyezi imene mungapezeke. Ndime yomaliza itchule chinthu chimodzi chimene simukuchidziwa ndipo mukufuna kuchiphunzira kumeneko, monga kusakaniza laimu. Fayilo ikhale ndi ntchito ziwiri kapena zitatu zomalizidwa bwino, muikemonso tsamba limodzi la kope lanu la kumalo, ngakhale lili ndi fumbi ndi zofufutafufuta, chifukwa ndi limene limatsimikiza kuti munafikadi. Tumizani zonse ngati PDF imodzi yosalemera. Musanatumize, tsegulani tsamba lililonse limene mwalitchula m'kalata, muone ngati nambala yake ndi yomweyo komanso ngati manambala a miyeso akuwerengeka bwino.