Kodi mchenga ungasenze khoma lolemera bwanji?

Amene amamanga m'mbali mwa nyanja, monga ku Salima kapena ku Mangochi, amaudziwa mchenga: ukamakumba ngalande ya maziko, m'mbali mwake mumangogumuka. Koma mchenga womwewo ukapanikizika umasenza katundu wambiri. Funso n'lakuti, wambiri bwanji? Akatswiri a zomangamanga amayankha ndi masamu amene Karl Terzaghi anafalitsa mu 1943, ndipo ena monga Meyerhof ndi Vesic anadzawawonjezera:

```
qu = c·Nc + q·Nq + 0.5·γ·B·Nγ
```

Gawo loyamba ndi la kumata kwa dothi. Mchenga woyera sumata, choncho c ndi ziro ndipo gawolo limatha. Popeza maziko athu ndi ataliatali otsata khoma, ndipo katundu akutsika molunjika, manambala owonjezera okhudza kaumbidwe ndi kupendekeka onse ndi 1. Lokhudza kuya tilisiya dala, kuti yankho likhale la mbali yotetezeka.

Tiyerekeze maziko a mamita 0.6 m'lifupi, amene ndi B, okumbidwa mamita 0.8 pansi. Mchengawo ukulemera makilonyutoni 18 pa kiyubiki mita, amene ndi γ, ndipo kayezedwe kasonyeza kuti timiyala take timagwirana pa madigiri 30. Pa madigiri amenewa matebulo amapereka Nq ya 18.4, ndipo Nγ ya Vesic ndi 22.4.

Tiyambe ndi q, kulemera kwa mchenga umene uli m'mbali mwa maziko. Kuti maziko atitimire, amayenera kukankhira mchenga wa pansi pake cham'mbali mpaka utumphukire kumtunda, ndiye wa pamwambawo ndi umene umautsendereza.

```
q = 18 × 0.8 = 14.4
q·Nq = 14.4 × 18.4 = 265
0.5 × 18 × 0.6 × 22.4 = 121
qu = 265 + 121 = 386 kPa
```

Apa ndi pamene mchenga umagonjera, choncho timagawa ndi 3 n'kupeza makilopasikali 129. Tikachulukitsa ndi 0.6, mita iliyonse ya khoma ingasenze makilonyutoni 77, pafupifupi matani 8, kuphatikizapo konkireyo. Taonani kuti mphamvu zambiri zachokera ku kuya, osati ku m'lifupi. N'chifukwa chake zimandidetsa nkhawa kuona madzi a padenga akukokolola mchenga m'mbali mwa nyumba.

Choopsa kwambiri ndi madzi a pansi. Dzinja likafika n'kuwakweza mpaka pamwamba, mchenga umapepuka m'madzimo, γ n'kutsikira cha pa 10. Tikawerenganso, 147 kuphatikiza 67 ndi 214, ndipo mita ya khoma ija yatsala ndi makilonyutoni 43 okha. Wokumba mu Okutobala saziona zimenezi, choncho afunse eni dera kuti madzi m'zitsime amafika pati mu Febuluwale.

Masamuwa amanena za kugonja kwa mchenga wotsendereka bwino. Ukakhala wofewa, woti chitsulo chimangolowa ukachikankha ndi manja, nyumba imatitimira pang'onopang'ono n'kuchita ming'alu isanafike n'komwe pa nambala ija. Kutitimirako kumawerengedwa pakokha.