Masamu a zisankho: momwe tebulo la mabokosi anayi limalongosolera nkhondo ya pa nyanja ya Bismarck

Kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, asilikali a Japan anafuna kusamutsa anzawo pafupifupi 7,000 kuchoka ku Rabaul kupita ku Lae, pachilumba cha New Guinea. Pakati panali chilumba chachitali cha New Britain, ndipo zombo zikanatha kuchilambalala chakumpoto kapena chakumwera. Kumpoto kunkayembekezeka mvula ndi mitambo, pamene kumwera kunali ngwee. Mkulu wa asilikali a Japan kumeneko anali Hitoshi Imamura. Amene ankamudikirira ndi ndege zoponya mabomba anali George Kenney wa ku America, yemwe anayenera kusankha mbali yotumizako ndege zake zambiri zofufuza.

Mu 1954, msilikali wina wa ku America, O. G. Haywood, anaiika nkhaniyi m'tebulo la mabokosi anayi, ndipo mpaka lero aphunzitsi a masamu a mpikisano amaligwiritsa ntchito. Ulendowu anauwerengera masiku atatu mbali iliyonse. Nambala ya m'bokosi ikusonyeza masiku amene Kenney angakhale akuphulitsa zombozo. Iye akufuna nambala yaikulu, Imamura akufuna yaing'ono.

| | Zombo kumpoto | Zombo kumwera |
|---|---|---|
| Ndege kumpoto | 2 | 2 |
| Ndege kumwera | 1 | 3 |

Manambalawa ali ndi chifukwa chake. Ndege zikafufuza kumwera zombo zilinso kumwera, zizipeza msanga poti kukuwala, masiku onse atatu n'kukhala a mabomba. Zikafufuza kumwera zombo zili kumpoto m'mitambo, masiku awiri apita pachabe. Zikafufuza kumpoto, tsiku limodzi litayika basi, kaya chifukwa cha mvula, kaya chifukwa chotembenukira kumwera.

Funso loyamba pa tebulo lotere n'lakuti: kodi alipo amene ali ndi chisankho chomukomera ngakhale mnzake achite zotani? Poyankha, muphimbe mbali ina ndi dzanja, muyerekeze mabokosi awiriawiri. Tiyambe ndi Kenney. Zombo zikadzera kumpoto, kufufuza kumpoto kum'patsa 2 ndipo kumwera 1, ndiye kumpoto n'kwabwino. Zikadzera kumwera, kumpoto kum'patsa 2 ndipo kumwera 3, ndiye kumwera n'kwabwino. Kenney alibe chisankho choposa chinzake nthawi zonse. Zake zikudalira mdani.

Kwa Imamura zinthu n'zosiyana. Ndege zikakhala kumpoto, iye amenyedwa masiku awiri kulikonse kumene angadzere. Zikakhala kumwera, kudzera kumpoto n'tsiku limodzi, kudzera kumwera n'masiku atatu. Palibe pamene njira yakumwera ikumupindulira, koma palipo pamene ikumupweteka. Choncho kudzera kumpoto ndi chisankho choposa, kudzera kumwera ndi chisankho choposedwa, ndipo munthu woganiza bwino sangatole choposedwa. Tifufute mzere wotsika wa "zombo kumwera".

Apa mpamene pagona luso lonse la njirayi, ndipo ine ndimaliona lokoma kuposa masamu ambiri ovuta. Kenney, amene poyamba analibe pogwira, tsopano wapeza yankho pongoyang'ana vuto la mdani wake. M'tebulo lotsalalo muli 2 ndi 1 basi, moti kufufuza kumwera kwasanduka choposedwa. Tikafufuta chimenechonso, patsala bokosi limodzi: ndege kumpoto, zombo kumpoto, masiku awiri. Tebulo likakhala lalikulu, ntchito ndi yomweyi: fufutani choposedwa cha uyu, yang'ananinso cha uyo, bwerezani mpaka pasowe chofufuta.

Bokosi lotsalali liyenera kuyesedwa. Funsani aliyense payekha ngati angapindule posintha, mnzake atakhala pomwepo. Kenney akasamukira kumwera atsika kuchoka pa 2 kufika pa 1. Imamura akasamukira kumwera akhalabe pa 2. Palibe wopindula, ndiye bokosili ndi pokhazikika pa mpikisanowu. Lingaliro limeneli limadziwika ndi dzina la John Nash, katswiri wa masamu amene analilongosola mu 1950 ali ku Princeton, n'kudzalandira nalo mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1994. Pokhazikika pathupa, aliyense wagwira chisankho chimodzi chodziwika, osachita mayere pakati pa ziwiri.

Zomwe zinachitika panyanja zinagwirizana ndi bokosilo. Zombo zinadzera kumpoto, ndege zinazipeza komweko, ndipo pankhondo ya pa 2 mpaka 4 Malichi zombo zonse 8 zonyamula asilikali zinamizidwa, pamodzi ndi zombo zankhondo 4 mwa 8 zoziperekeza. Anthu ochuluka anathera m'madzi. Imamura sanalakwitse kusankha malinga ndi tebulo, komabe anagonja koopsa. Pokhazikika sipatanthauza pabwino. Pamangotanthauza kuti palibe amene akanapeza zoposa posintha yekha.

Tsopano zosokoneza. Chofala kwambiri ndicho kuyerekeza molakwika. Wina amaona 3 m'mzere wa "ndege kumwera" n'kunena kuti mzerewo ndi wabwino poti uli ndi nambala yaikulu, kuiwala 1 amene ali pambali pake. Chisankho chimaposa chinzake pokhapokha mutayerekeza bokosi ndi bokosi pa chilichonse chimene mdani angachite. M'mipikisano imene phindu la wina si kutaya kwa mnzake, monga ya amalonda awiri oika mitengo, bokosi lililonse limakhala ndi manambala awiri. Pamenepo samalani kuti poweruza za munthu mukuwerenga nambala yake yokha.

Palinso msampha wobisika. Kudzera kumpoto sikunapose kumwera paliponse, chifukwa pena zinafanana, 2 ndi 2. Kuposa kotere n'kofooka, ndipo kufufuta chifukwa cha iko kungataye mayankho ena oona. Tayesani kusintha 3 uja akhale 2. Njira yakumwera ikhalabe yoposedwa mofooka ndipo muifufuta. Koma bokosi la ndege kumpoto, zombo kumwera nalonso lakhazikika tsopano, pakuti Kenney akasintha apeza 2 yemweyo, Imamuranso chimodzimodzi. Mwalitaya osadziwa. Kuposa kukakhala kotheratu, m'bokosi lililonse popanda kufanana, kufufuta sikutaya pokhazikika ngakhale pamodzi, ndipo zilibe kanthu kuti mwayambira kwa ndani.

Nthawi zina kufufuta sikuyamba n'komwe. Bwererani ku tebulo loyamba, musinthe 2 wa ndege kumpoto, zombo kumwera akhale 1. Tsopano Imamura afuna kudzera kumene ndege kulibe, Kenney afuna kufufuza kumene zombo zili, ndipo m'bokosi lililonse mumapezeka wofuna kuthawa. Zili ngati womenya penate ndi goloboyi: amene wadziwika mbali yake waluza. Apa palibe pokhazikika pa chisankho chimodzi, ndipo yankho limafuna kusinthasintha mwa mayere, yomwe ndi nkhani ina.

Koma musafulumire kunena kuti yankho palibe chifukwa choti chofufuta chasowa. Mipikisano ina ilibe choposedwa koma ili ndi pokhazikika pawiri, monga madalaivala awiri okumana pamsewu: onse akayenda kumanzere zili bwino, onse kumanja zilinso bwino. Kufufuta kukaima, tengani pensulo, mulembe chizindikiro pa yankho labwino la munthu aliyense pa chisankho chilichonse cha mnzake. Bokosi limene lalandira zizindikiro za onse awiri ndilo mukulifuna.