Ndalama Zikalowa pa Nambala Yolakwika

Ndalama za pa foni zinafika m'dziko la Mozambiki m'chaka cha 2011 pamene mKesh inayamba ntchito. M-Pesa ya Vodacom inatsatira mu 2013, ndipo pambuyo pake kunabwera e-Mola ya Movitel. Lero kuno ku Angoniya ambiri a ife tikagulitsa kachewere, chimanga kapena fodya, sitiyendanso ndi ndalama m'thumba. Timaziika pa foni kwa ejenti wa pa msika, ndi kutumizira mwana wa sukulu kapena wodwala amene ali kutali. Koma pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri: munthu walakwitsa nambala imodzi yokha, ndipo thukuta la chaka chonse lapita kwa mlendo. Tifuna kulongosola chifukwa chake ndalama zotere zimavuta kubweza, ndi zimene tingachite tisanatumize.

Choyamba tidziwe kuti ndalama siziyenda ulendo monga kalata, yoti nkuilondola ndi kuipeza ili m'njira. Kampani ili ndi kaundula wa ndalama za munthu aliyense. Tikalemba nambala yathu yachinsinsi, imene foni imaitcha PIN, makina amachotsa pa dzina lathu ndi kulemba pa dzina la winayo nthawi yomweyo. Uthenga wotsimikiza ukamalira m'foni mwathu, ndalamazo zili kale m'manja mwa wolandira.

Chachiwiri, makinawo sadziwa amene tinali kumuganizira mumtima. Nambala za foni m'dziko muno zili ndi manambala 9, ndipo awiri oyamba amasonyeza kampani: 82 ndi 83 ndi Tmcel, 84 ndi 85 ndi Vodacom, 86 ndi 87 ndi Movitel. Tikalemba manambala operewera, makina amakana. Koma tikalemba onse 9, ndi kungosinthanitsa awiri, kawirikawiri nambala imeneyo imakhala ili ndi mwini wake, mwina ku Nampula kapena ku Beira, ndipo makina amaona kuti zonse zili bwino.

Tiyerekeze mlimi wa ku Domwe amene wagulitsa matumba a kachewere, ndipo afuna kutumiza metikali 6,000 kwa mwana wake wophunzira mumzinda wa Tete. Nambala ya mwanayo imathera ndi 4716, koma bamboyo, poilemba kuchokera m'mutu ali pakati pa phokoso la msika, walemba 4176. Uthenga wafika, iye waona mau akuti "Confirmado", ndipo wabweza foni m'thumba osawerenga dzina. Nthawi ili 9 koloko m'mawa. Pofika 11 koloko wolandira uja watapa metikali 4,000 kwa ejenti wa kwawo, ndipo wagula mayunitsi a metikali 500. Madzulo mwana aimba kufunsa za ndalama, ndipo apa ndi pamene bambo azindikira. Ngakhale kampani itamva dandaulo lake usiku womwewo ndi kuimitsa zotsala, m'kaundula muja mwatsala zosafika metikali 1,500, popeza kutapa kulinso ndi msonkho wake. Zimene zasanduka ndalama zogwira m'manja, makina sangazikoke. Akadawerenga dzina 9 koloko ija, zonse zikadali zilipo.

Ena amafunsa kuti, nanga kampani ilekeranji kungolanda ndalamazo, popeza nkhani ndi yoonekeratu? Tiganize mbali inayo. Wogula wina akhoza kulipira matumba 10 a kachewere pa foni, kukweza pa galimoto, ndipo atafika patsogolo nkuimbira kampani kuti analakwitsa nambala. Kampani ikamabweza pa mau a wotumiza yekha, palibe mlimi amene angalandirenso malipiro pa foni. Nchifukwa chake amayamba afufuza, nayesa kumva kwa wolandirayo, ndipo izi zimatenga nthawi. Ejenti amene tamuzolowera alibe mphamvu yobweza. Ntchito yake ndi kuika ndi kutapitsa basi. Komanso kuyambira mu 2022 ndi zotheka kutumiza ndalama pakati pa M-Pesa, e-Mola ndi mKesh. Ndalama zikaolokera ku kampani ina, dandaulo limadutsa m'makomo awiri, pakuti kampani yathu ilibe ulamuliro pa kaundula wa inzake.

Tsono popeza madzi akatayika saoleka, tichite zinthu izi tisanatumize. Tiyambe taimbira munthu amene tikumutumizira, pa nambala yomweyo imene tifuna kutumizako. Izi zimatiteteza ku nambala zakale, chifukwa nambala ikakhalitsa osagwira ntchito kampani imatha kuipereka kwa munthu wina, pamene m'foni mwathu idakali pa dzina la mlamu wathu. Poimbapo timufunsenso kuti, "Kodi nambalayi inalembetsedwa m'dzina la yani?" Kuno ambiri amagwiritsa ntchito nambala yolembetsedwa ndi amalume kapena amuna awo, ndipo tikazolowera kuona maina achilendo timaleka kuwawerenga.

Kenako tilembe nambalayo pa pepala m'magulu atatu, awiri oyamba, atatu, ndi anayi otsiriza, ndipo titsegule *150# ngati ndi M-Pesa kapena *898# ngati ndi e-Mola. Tisanalembe nambala yachinsinsi tiime kaye. Tiwerenge mokweza zimene foni yabwereza, ndi kuyerekeza ndi pepala lija, gulu ndi gulu. Dzina likaoneka pamenepo ndipo silili limene tinauzidwa, tileke. Tiwerengenso maziro, chifukwa 600 ndi 6,000 zimafanana m'maso otopa. Amene maso ayamba kuvuta apemphe mwana awerenge, koma nambala yachinsinsi alembe okha.

Ngati ndalama ndi zambiri, kapena nambala ndi yatsopano kwa ife, tiyambe tatumiza pang'ono, monga metikali 20. Tiwerenge dzina la mu uthenga wotsimikiza, tiimbe kuti timve ngati zafika, ndipo pamenepo titumize zotsalazo. Tikalakwitsa apa tataya mtengo wa mulu wa tomato, osati wa munda wonse.

Ngati talakwitsa kale, tisafufute uthenga uja. Uli ndi nambala ya kutumizako, tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo izi ndi zimene kampani idzafunsa. Tiimbire nthawi yomweyo nambala ya kampani yothandizira makasitomala, tisanaimbire wolandirayo, popeza wosakhulupirika akamva amathamangira kukatapa. Tikhoza kupitanso ku shopu ya kampaniyo ndi chiphaso chathu. Wolandira akakana, nkhani ikhoza kupita ku polisi, koma njira imeneyo ndi yaitali.

Nanga zikalowa m'foni mwathu ndalama zimene si zathu? Chilamulo cha Mose pa Deuteronomo 22:1-3 chimatiphunzitsa kubweza chotayika cha mnzathu, ndipo ndalama za pa foni sizisiyana ndi ng'ombe yosokera. Komabe tichenjere. Akuba amatumiza uthenga wonamizira wofanana ndi wa kampani, ndi kuimba akulira kuti tiwabwezere, pamene palibe chimene chalowa. Uthenga woona umachokera ku dzina la kampani, osati ku nambala ya munthu. Tione kaye zotsala zathu, pamene foni imalemba "saldo". Ngati zachulukadi, tidziwitse kampani kuti ibweze kumene zinachokera, ndipo tisavomere kutumiza ku nambala ina imene woimbayo akutchula. Mwina mwini wake ndi mayi amene akudikira pa khomo la chipatala.