Mawu akathawa muli pamaso pa anthu

Munthu woyankhula pamwambo wopanda pepala m'manja mutu suima paliponse. Kawirikawiri umaima pamalumikiziro, pamene wamaliza mfundo ina ndipo akufuna kulowa ina. Mkati mwa nkhani yomwe akuidziwa mawu amabwera okha, koma akafika kumapeto kwake, amayi n'kuimba nthungululu kapena maikolofoni n'kulira, amangoti kakasi, chotsatira chathawa. Ambiri amati vuto ndi mantha. Mantha alipodi, koma ine ndimaloza chala kalembedwe.

Zolemba zoti ziwerengedwe zimadalira pepala kuti lisunge dongosolo. Munthu akaziloweza monga zilili, liwu lililonse limakumbutsidwa ndi liwu la m'mbuyo mwake basi. Zimakhala ngati mikanda ya pa ulusi umodzi: ukaduka pamodzi, yonse balala. N'chifukwa chake mwana woloweza ndakatulo akakakamira amabwerera poyambirira, chifukwa khomo lolowera ali nalo limodzi lokha. Malankhulidwe oloweza amafunika makomo angapo, ndipo makomowo amapangidwa polemba.

Tiyerekeze kuti ndinu wapampando wa komiti ya sukulu ya pulayimale, ndipo mwapatsidwa mphindi zitatu kuti mutsanzike mphunzitsi wamkulu amene akupuma pa ntchito. Wolemba zowerenga angayale makhalidwe awo: kudzichepetsa, khama, chilungamo, kukonda ana. Mndandanda wotere ndi msampha, chifukwa palibe chimene chimachititsa kuti khama libwere pambuyo pa kudzichepetsa. Mutha kuzisinthanitsa, choncho muthanso kutaya chimodzi kapena kusowa chotsatira.

M'malo mwake yendani nawo anthuwo pasukulupo. Yambani pachipata, pamene aphunzitsiwa ankaima m'mawa uliwonse kudikira ochedwa. Pamenepo mwanena za khama lawo osalitchula. Kuchoka apo pitani pansi pa mtengo wa mango pamene ana a sitandade 1 ankaphunzirira, kenako pa buloko yatsopano imene makolo anaumbira njerwa aphunzitsiwa atawakokera pamodzi. Malizani pamjigo, umene unathetsa zoti atsikana azijomba popita kukatunga madzi kudambo. Malo anayi, nkhani zinayi, kuwonjezera malonje kumayambiriro ndi mawu otsanzika kumapeto. Ukayenda kuchokera pachipata sungafike pamjigo usanadutse pamtengo, ndiye dongosolo silifunanso kuloweza. Ubwino wina ndi wakuti mwambowo uchitikira pomwepo: mutu ukaima, mungodzutsa maso n'kuona mtengowo uli apo.

Nzeruyi ndi yakalekale. Cicero, katswiri woyankhula wa ku Roma, analemba m'chaka cha 55 Khristu asanabadwe za Simonides, mlakatuli wa ku Girisi amene anaitanidwa panja phwando lili mkati, denga n'kugwera onse otsala m'nyumbamo. Mitembo inali yosazindikirika, koma Simonides anatha kuuza abale kuti uyu ndi uje pokumbukira pamene aliyense anakhala. Kuchokera apo oyankhula ankaika mfundo zawo m'zipinda za nyumba ya m'maganizo. Ngati nkhani yanu ilibe malo, itsatizeni nthawi: ubwana, ntchito, banja, ukalamba. Magawo asapitirire asanu, pakuti munthu wamantha sasunga zinthu zambiri nthawi imodzi.

Tsopano kalembedwe ka makomo aja. Chiganizo choyamba cha gawo lililonse chikhale chachifupi, chitchule malowo, ndipo chiime pachokha. "Tiyeni tifike pamtengo wa mango uwo" ndi khomo labwino, chifukwa mutha kulowerapo kaya mwamaliza za pachipata kaya mwazisiyira panjira. Koma "Chifukwa cha zimenezi, iwo anaganiza zochitapo kanthu" ndi khomo lokhoma, limafuna kuti zimenezizo zikhale zitanenedwa. Ziganizo zoyambazi, pamodzi ndi malonje ndi mawu omaliza, ndizo zokha zoyenera kuloweza liwu ndi liwu. Zamkati zidziweni ngati nkhani, muziinena mosiyanako tsiku lililonse. Mukazilowezanso mwandondomeko, liwu limodzi likasowa mudzayamba kulisakasaka pamene lina lofanana nalo likanagwira ntchito.

Ikaninso mawu obwerezabwereza otsekera gawo lililonse, monga akuti "Amenewo ndiwo aphunzitsi athu." Anthu amaombera m'manja, inu n'kupeza mpata wopuma ndi kuganiza, monga wokamba nthano amapumira pamene omvera akuvomera kuti tili tonse. Koma pali mbuna pamenepa. Ngati mawuwo ali chimodzimodzi kanayi konse, sakuuzani kuti muli pati, ndipo mutha kuchoka pachipata n'kugwera pamjigo. Asiyanitseni pang'ono: "Amenewo ndiwo aphunzitsi athu a pachipata", kenako "a pansi pa mtengo". Mukatero pakamwa panu pomwe pakukumbutsani pamene mwafika.

Chinthu chimodzi musachilembe n'komwe: kulonjeza chiwerengero. Mu Novembala 2011, pa mtsutso wa ofuna kuimira chipani cha Republican pa chisankho cha pulezidenti ku America, Rick Perry, yemwe anali bwanamkubwa wa Texas, ananena kuti adzathetsa maunduna atatu. Anatchula wa zamalonda ndi wa zamaphunziro, wachitatu n'kumuthawa dziko lonse likuonera pa kanema. Unali wa zamphamvu, womwe mu 2017 anadzakhala mkulu wake. Akanapanda kunena kuti atatu, akanatchula awiriwo n'kupitirira. Omvera alibe pepala lanu. Mukalumpha buloko yatsopano palibe adzadziwe, pokhapokha ngati munalengeza kuti munena zinthu zinayi.

Nanga zikachitikadi, mutu waima pakati pa nkhani ya mtengo? Musapepese ndipo musabwerere kumalonje. Khalani chete, kokani mpweya. Kwa inu kamphindiko kaoneka ngati chaka, koma kwa anthu mukuoneka ngati mwagwidwa chisoni, zomwe pamwambo wotsanzika sizachilendo. Bwerezani pang'onopang'ono chiganizo chomwe mwangonena kumene, nthawi zambiri chimakoka chinzake. Chikakana, tsekani gawolo ndi mawu obwereza aja n'kulowa khomo lotsatira. Zonse zikati zii, pitani ku mawu omaliza, muthokoze, mukhale pansi. Anthu sadandaula ndi woyankhula mwachidule, makamaka mphika uli pamoto.

Poyeserera, ambiri amayamba pamwamba nthawi zonse, ndiye malonje amapsa bwino pamene pakati pali posapsa. Pemphani wina wapakhomo azikutchulirani malo mosatsata dongosolo. Akati "Mjigo!" inu yambirani pomwepo, ndipo azikudulani dala pakati pa chiganizo kuti muzolowere kudzitola. Yeserani mokweza, mutaimirira, wotchi ili pambali, chifukwa zimene zimaoneka zochepa papepala zimatalika pakamwa. Ndipo musayambe m'mawa wa tsiku la mwambo. Quintilian, mphunzitsi wina wa ku Roma, anaona kale kuti zimene zimakanika madzulo zimabwera mosavuta munthu akagona usiku umodzi. Mukaona kuti mukupunthwa pamalo amodzimodzi mobwerezabwereza, musadzitukwane. Ziganizo ziwirizo sizikugwirana, zilembeninso mpaka choyamba chiziitana chachiwiri.

Mayina okha musawadalire mutu. Agogo a Gulupu, nyakwawa za midzi yozungulira, alangizi a zamaphunziro, abusa ndi mashehe, alembeni pakapepala kokwana m'dzanja motsata ukulu wawo, ndipo muwerenge poyera popanda manyazi. Kuiwala mjigo palibe adzakufunseni, koma kulumpha mfumu pamalonje kumatha ndi nkhuku yopepesera. Kuseri kwa kapepalako lembani mawu anayi okha: chipata, mtengo, buloko, mjigo.