Mizere itatu madzulo aliwonse: kuuzana ndi mnzako zomwe wawerenga

Ophunzira ambiri a Folomu 4 amalemba ndondomeko yowerengera n'kuimata pakhoma, koma pakatha masabata awiri pepalalo limangokhala chokongoletsa chipinda. Ena apeza njira yotsika mtengo. Anthu awiri amagwirizana kuti tsiku lililonse, mwina 8 koloko madzulo, azitumizirana uthenga wa mizere itatu: zomwe ndachita, chomwe chandivuta, ndi zomwe ndichite mawa. Pa WhatsApp zimatheka, pa kafoni ka mabatani zimathekanso.

Njirayi ili ndi umboni wa sayansi. Mu 2016, Benjamin Harkin ndi anzake a ku yunivesite ya Sheffield anasonkhanitsa kafukufuku 138 wokhudza anthu pafupifupi 20,000 omwe ankayesa kuchepetsa thupi, kusiya fodya, kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi zina. Anapeza kuti munthu akamadziunika pafupipafupi amakwaniritsa bwino cholinga chake, ndipo phindu limakula akamalemba zotsatira komanso akamauza munthu wina. Uthenga wa madzulo umachita zonse ziwiri nthawi imodzi.

Komatu si uthenga uliwonse. Tiyerekeze atsikana awiri omwe akukonzekera mayeso a MSCE. Wina walemba kuti, "Lero ndawerenga masamu kwambiri, mawa ndilimbikira." Apa mnzake alibe pogwira, chifukwa "kwambiri" akhoza kukhala maola atatu kapena mphindi khumi akuyang'ana tsamba limodzi. Winayo walemba motere:

"Ndachita: mafunso 6 mwa 10 a pepala lakale la masamu, ndakhoza 4.
Chandivuta: magetsi anazima 6 koloko, komanso funso la 5 landikanika.
Mawa: ndikaweruka, 3 koloko, m'kalasi mwathu, mafunso 4 otsalawo."

Mzere woyamba uli ndi manambala omwe mnzake angafunse. Ukunenanso za mafunso oyankhidwa, osati masamba owerengedwa, ndipo izi n'zofunika: kudziyesa buku lili chotseka kumasunga zinthu m'mutu nthawi yaitali kuposa kubwereza kuwerenga. Mzere wachiwiri ukupatsa mnzake ntchito. Ngati funso la 5 iye analikhoza, mawa amuonetsa. Ngati magetsi atchulidwa kachitatu sabata imodzi, ndiye kuti nthawi yowerengera iyenera kusamukira masana.

Mzere wachitatu ndi womwe ine ndimauona kuti ndi mtima wa njira yonseyi. Katswiri wa za maganizo, Peter Gollwitzer, wakhala akuonetsa kuyambira m'ma 1990 kuti munthu akatchuliratu nthawi ndi malo ochitira chinthu, amachichita kawirikawiri kuposa yemwe wangotsimikiza mumtima. Belu loweruka likalira, mtsikana uja sayambanso kukambirana ndi mtima wake ngati awerenge kapena ayi, popeza anasankha kale dzulo. Gollwitzer yemweyo anapezanso mu 2009 kuti ophunzira omwe analengeza zomwe akufuna kudzakhala, ena n'kuwamva, anachepetsa khama, ngati kuti kumvedwako kwawafikitsa kale. Choncho mawu ngati "ndidzakhala dokotala" asalowe mu uthengawu. Mulowe ntchito ya mawa basi.

Pomwe njirayi imafera ndi pa kuzolowera. Kafukufuku wina wa ku Kenya, wofalitsidwa mu 2011, anatumiza mauthenga okumbutsa anthu omwa ma ARV. Olandira kamodzi pa sabata anamwa mankhwala mokhulupirika kuposa osalandira, koma olandira tsiku lililonse sanasiyane kwenikweni ndi osalandirawo. Mauthenga amenewo sankafuna yankho, ndipo zikuoneka kuti chinthu chobwera tsiku ndi tsiku chosafuna yankho maso amangochidumpha. N'chifukwa chake wolandira uthenga wa madzulo asamangoyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Afunse funso limodzi lochokera mu uthenga wa dzulo: "Unati 3 koloko m'kalasi, unapitadi? Wapeza chiyani pa funso la 7?"

Zizindikiro zoti zinthu zapotoka sizivuta kuona. Manambala amasowa, mzere wa chovuta umangoti "palibe" sabata yonse, kapena uthenga umasanduka macheza a ola lathunthu, odya nthawi ya tulo. Choopsa koposa ndi bodza, ndipo kawirikawiri limayamba ndi wolandira. Mnzako akakunyoza tsiku lomwe walemba kuti wachita mafunso awiri okha, mawa udzalemba asanu ndi atatu usanagwire ngakhale cholembera. Awiriwo agwirizane poyamba penipeni kuti "lero sindinachite kanthu" ndi uthenga wovomerezeka, ndipo yankho lake ndi kuchepetsa ntchito ya mawa kuti ikhale yotheka. Ngati mawu amenewa akubwera masiku ambiri motsatizana, limodzi ndi kusagona, kusadya kapena kutaya mtima, nkhaniyo yapitirira mameseji. Muimbireni mnzanuyo, mukamuone, ndipo mumuperekeze kwa mphunzitsi amene amamukhulupirira kapena kuchipatala.